Mlembi wosawonjezera mfundo

Ku Area 18 makomiti ndi ambiri. Pali a chitetezo cha m'mizere ya nyumba, a maliro, a banki mkhonde, a mipingo ndi a makolo kusukulu, ndipo iliyonse ili ndi mlembi wake. Masiku ano zokambirana zimayamba zalembedwa mothamanga m'buku la hadikava, wina n'kujambula tsambalo pa foni, n'kulitumiza pa WhatsApp kwa amene aziike m'ndondomeko. Pakati pa chithunzicho ndi maminitsi osayinidwa pali ntchito imene ambiri amaiyesa yongotayipa. Amene adaonapo mmene amaigwirira mayi ena a ku 18B, omwe adapuma pa ntchito ya usekilitale ku Capital Hill, amadziwa kuti ndi luso lofuna diso lakuthwa ndi mtima wolimba.

Mayiwa ndi mlembi wa komiti ya chitetezo ya mzere wawo. Loweruka lina msonkhano udachitika iwo ali kumaliro ku Dedza, ndiye wachiwiri wawo, mnyamata wa changu, ndi amene adagwira cholembera. Madzulo adawatumizira chithunzi cha tsamba lopendekeka, mthunzi wa chala utaphimba ngodya imodzi. Mwa zina, padalembedwa izi:

Chopereka cha alonda K5,000? Ena akuti K3,000 ikhale.
A tcheya: chabwino tiona.
Geti: onse eya. Makotesheni 3. Msungichuma.
Osayinira ku banki asinthe, mmodzi adasamuka.
Suweji ikutayikira kuseri, kalata ku khonsolo.

Pansi pake mnyamatayo adawonjezera uthenga: "Amayi, zonse zidayenda bwino, mungozikongoletsa."

Iwo sadafulumire kukongoletsa. Choyamba adakopera mizereyo monga momwe idalili, osakonza kalikonse, ndipo mzere uliwonse adaupatsa nambala. Chizindikiro cha funso chomwe chidali pambuyo pa K5,000 adachisunga, pakuti amati kachizindikiro kotere ndi kamene kamayamba kusowa munthu akamatayipa, ndipo kakasowa funso limasanduka lamulo. Pamene chala chidaphimba adapempha chithunzi china m'malo mongoganizira. Adaitanitsanso pepala la mayina a amene adabwera, chifukwa malamulo a komiti yawo amati mfundo imamangidwa pokhapokha theka la mamembala litafika. Adapeza anthu 9 mwa 15, ndiye adadziwa kuti msonkhanowo udali ndi mphamvu. Atatero ndi pamene adalemba mutu: tsiku, malo, nthawi yoyambira, amene adalipo ndi amene adapepesa.

Kenaka adafika pa mtima pa ntchito yawo. Mzere uliwonse amaufunsa funso limodzi: kodi izi zidangonenedwa, zidaperekedwa ngati ganizo, kapena anthu adagwirizana? Zongonenedwa amazilemba kuti "kudanenedwa kuti" kapena "ena adadandaula kuti". Ganizo amalilemba kuti "padaperekedwa ganizo loti". Mawu akuti "msonkhano udagwirizana" amawaumira kwambiri, ndipo amangowatulutsa pamene tsamba likusonyeza poyera kuti anthu adavomera, kaya pokweza manja kaya wapampando atafunsa popanda wotsutsa.

Nkhani ya chopereka ndiyo idali ndi msampha waukulu. Mnyamata uja adawauza pa foni kuti ambiri amaoneka kuti akukondwera ndi K5,000, ndipo a tcheya adati "chabwino". Mayi mlembi adamufunsa modekha kuti, "Achimwene, manja adakwezedwa? A tcheya adabwereza ndalamayo kuti aliyense amve?" Iye adati ayi, anthu adangolowa nkhani ya geti. Tonse timamudziwa "chabwino, tiona" wa pamsonkhano. Ndi mawu oziziritsa mkangano, sikuti ndi chigamulo. Choncho adalemba motere: "Padaperekedwa ganizo loti chopereka cha alonda chikwere kufika pa K5,000 pa nyumba pa mwezi. Mamembala ena adati chikhalebe pa K3,000. Nkhaniyi idakambidwa koma mfundo sidamangidwe." Chiganizo chomalizachi alembi ambiri amachita nacho manyazi, poopa kuti chionetsa ngati msonkhano udalephera. Mayiwa amachilemba mosanjenjemera, chifukwa amadziwa zomwe zikadachitika mwezi utatha: wotolera ndalama akadagogoda pakhomo ndi pepala lakuti K5,000, mwininyumba n'kumubweza kuti ine ndidaliko ndipo sitidagwirizane, kuyambira pamenepo palibe akadakhulupiriranso buku la komiti.

Pa geti msampha udali wina. Apa mgwirizano udalipodi, poti padalembedwa "onse eya". Koma eya wa chiyani? Wogula geti, kapena wokafunsa mitengo kwa owotcherera atatu? Kusiyana kwake ndi ndalama zambiri zotuluka m'thumba la gulu. Mayiwa adafunsa mnyamatayo, kenaka adafunsanso a tcheya paokha, osawauza zomwe winayo wayankha, ndipo onse awiri adati anthu adavomera zoti ayambe aona mitengo. Apo ndi pamene adalemba kuti msonkhano udagwirizana kuti msungichuma apeze makotesheni atatu a geti ndi kuwabweretsa ku komiti. M'ndandanda wa ntchito, pa malo a tsiku lomalizira, adaika kuti "silidatchulidwe". Kukadakhala kosavuta kuikapo masabata awiri, ndipo mwina palibe akadazindikira. Koma tsiku limene msonkhano sudatchule ndi chigamulonso, ndipo msungichuma akadadzadzudzulidwa kuti wachedwa pa nthawi imene sadalonjeze.

Yesero lenileni lidabwera pa osayinira. Mabanki kuno kwathu salola gulu kusintha osayinira akaunti popanda maminitsi osonyeza amene wachoka ndi amene walowa, osayinidwa ndi atsogoleri. Msungichuma adali pa changu chifukwa malipiro a alonda amayandikira, ndipo adafika yekha pakhomo pa mayiwa. "Mayi mlembi, ingolembani kuti alowe ndi achiwiri kwa a tcheya. Ndani angakane?" Iwo adayankha kuti, "Bambo, mwina palibe angakane, koma sadafunsidwe. Dzina limeneli likalowa ku banki, lalowa ndi dzanja langa, osati ndi pakamwa pa anthu." Adalemba zokhazo zimene tsamba lidali nazo, kuti msonkhano udamva zoti wosayinira mmodzi adasamuka ndipo pakufunika wina, koma dzina silidasankhidwe. Sadangokana n'kusiya munthu m'mavuto. Adawakumbutsa kuti malamulo awo amalola msonkhano wadzidzidzi wa nkhani imodzi, ndipo Lachitatu madzulo anthu adakumana kwa mphindi zochepa, kusankha dzina, iwo n'kulemba tsamba limodzi lomwe lidapita ku banki lili loona.

Mzere wa suweji adaugwira mosamala mwapadera, ndipo aliyense wa ku Area 18 angamvetse chifukwa chake. Mu Julaye 2017 zonyansa za m'paipi ya suweji zidalowa m'madzi akumwa a nyumba zina za m'derali, nkhani idafika ku khoti, ndipo anthu adasumira Lilongwe Water Board, khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi Malawi Housing Corporation. Nkhani ikafika pamenepo mafunso amakhala akuti adadandaula ndani, liti, kwa yani, ndipo yankho lake limafunidwa pa pepala. Tsamba la mnyamata uja lidangoti "kalata ku khonsolo". Silidanene wolemba, silidanene ngati kalatayo idatumizidwa kale kapena ikuyembekezeka. Mlembi waulesi akadalemba kuti "kalata ilembedwe", chiganizo chomveka bwino koma chopanda mwini, chomwe chimachititsa aliyense kuganiza kuti mnzake walemba. Mayiwa adalemba kuti padaperekedwa ganizo lolembera khonsolo koma wolemba sadasankhidwe, ndipo usiku womwewo adaimbira a tcheya kuti nkhani yotere isadikire msonkhano wa mwezi wamawa. A tcheya adalemba kalatayo m'mawa mwake, ndipo izo zidadzalowa m'maminitsi otsatira monga lipoti lawo, pa tsiku lake lenileni.

Munthu angaganize kuti mayiwa amangokopera, koma ayi. Amadula zambiri. Mawu opsetsana mtima amawachotsa, wina akalankhula kanayi zofanana amazimanga m'chiganizo chimodzi, ndipo pa mkangano satchula mayina pokhapokha munthu atapempha yekha kuti kutsutsa kwake kulembedwe. Nkhani zimene zidakambidwa modumphadumpha amazibwezera pansi pa mitu ya ajenda. Malire awo ndi awa: kamvekedwe angakakonze, kulemera kwa zimene zidachitika sangakusinthe. Ndalama, dzina, tsiku ndi mawu akuti adagwirizana ziyenera kulozeka pa mzere wa nambala wa m'zolemba zoyamba zija. Zimene anthu adapitiriza kukambirana pa gulu la WhatsApp atabalalika salowetsamo, ngakhale zitakhala zanzeru, pakuti kumeneko kulibe wapampando ndipo sipadziwika amene wawerenga. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo mlembi ndi kandimverere wa aliyense amene sadafike.

Iwo amati maminitsi opekedwa sabisika. Nkhani iliyonse imathera pa mgwirizano, ntchito iliyonse ili ndi tsiku lake looneka bwino, ndipo palibe paliponse pamene anthu adasiyana maganizo. Misonkhano ya anthu siyenda chotero. Ukafunsa mlembi wake kuti mfundo iyi yachokera pa mzere uti, amayamba kufotokoza zomwe anthu amatanthauza m'malo mokuonetsa zomwe adanena.

N'chifukwa chake pepala lawo amalitcha losavomerezedwa mpaka msonkhano wotsatira. Amaliwerenga mokweza, mutu ndi mutu. Wina akati palakwika, amamufunsa ngati akukonza zimene zidalembedwa molakwa kapena wasintha maganizo, chifukwa choyambacho chimakonzedwa pomwepo ndi cholembera, pomwe chachiwiricho chimadikira nthawi ya zotuluka m'maminitsi. Mmodzi amene adalipo amapempha kuti avomerezedwe, wina n'kuikira kumbuyo, a tcheya n'kusayina ndi kuika tsiku. Chithunzi cha tsamba loyamba lija sachifufuta m'foni, ndipo hadikava amaisunga pamodzi ndi fayilo, kuti wokayika adzaone yekha.

Phindu la mipata imene adaisiya lidaoneka pa ajenda ya msonkhano wotsatira. Paliponse pamene adalemba kuti mfundo sidamangidwe padasanduka mutu wokambirana, ndipo chopereka cha alonda chidakhala choyamba. Ulendo uno a tcheya adatchula ndalama momveka, manja adakwezedwa, mnyamata uja adawerenga ndi kulemba chiwerengero. Anthu adagwirizana K4,000, ndalama imene pa tsamba loyamba lija padalibe, ndipo mlembi aliyense amene akadayesa kuwaganizira akadaiphonya.