Mmisiri woyanjanitsa mawu ndi zithunzi

Ndimamugomera mmisiri amene amalandira vidiyo ya ukwati ya maola awiri, mawu ajambulidwa pamakina apadera. Kumayambiriro milomo ndi mawu zimayendera limodzi, koma pofika pothokoza ankhoswe, mawu atsalira theka la sekondi. Iye amadziwa kuti vuto ndi mawotchi a m'makina awiriwo, omwe sathamanga ndendende. Kungokankha mawu sikuthandiza, chifukwa ukakonza kumapeto, kumayambiriro kumasokonekera. Choncho amafananitsa kuwomba m'manja koyambirira ndi phokoso lake, n'kuyeza kusiyana pa kuwomba komaliza, kenako amafupikitsa mawu onse ndi theka la sekondilo. Akaunika pakati n'kupeza kuti zasiyanabe, amadula mawuwo m'zigawo, chilichonse n'kuchikonza pachokha.