Sekondi Zitatu pa Msika wa Lundazi

Minibasi yochokera ku Chipata ikamayandikira Msika wa Lundazi pa liwiro la makilomita 40 pa ola, imadya mamita 11 pa sekondi. Wokwera ali ndi sekondi zitatu zokha zoti awerenge chikwangwani, pazenera la fumbi, mwina atanyamula mwana pamwendo.

Wolemba zikwangwani waluso amazidziwa izi ngakhale sanawerengepo masamuwo. Amakana mawu oposa asanu. Kuti chiwerengeke pa mamita 30, chilembo amachitalikitsa ngati chikhatho, chakuda pa chikasu, ndipo amasiya mpata pakati pa mizere kuti isaphatikizane. Chofiira pa chobiriwira amachikana, chifukwa patali chimangooneka ngati matope.

Ine chimene ndimamugomera ndi chakuti akamaliza sagoma yekha. Amawoloka msewu, n’kudutsa mothamanga akuyang’ana cham’mbali. Akaphonya mtengo wa mbewu, amafufuta dzina la mwini sitolo kuti nambala ikule, mwiniwakeyo akudandaula.