Thambo Lakuda, Mitambo Yoyera

Ndimasirira mmisiri amene, pochotsa mitundu pa chithunzi, sangokanikiza Desaturate. Njira imeneyo imachititsa duwa lofiira ndi tsamba lobiriwira kutuwa mofanana. Iye amatsegula Channel Mixer mu Photoshop, n'kusankha Monochrome. Pofuna kuti thambo lide, amaika Red pa 80, Green pa 40, Blue pa -20, zonse pamodzi 100 kuti kuwala kusasinthe kwambiri. Thambo limadadi, mitambo n'kuyera mbee.

Kenako pa Curves amatsitsa mzere pang'ono kumbali ya mdima, n'kuukweza kumbali yowala. Apa m'pamene ndimamutayira kamtengo, chifukwa amadziwa polekezera. Akapitirira muyeso, histogram imaunjikana kumapeto, ndipo mizere ya m'mitambo imafufutika, kungotsala poyera pokhapokha.