"Inu" Yekha Sakwanira: Ulemu Pomasulira Uthenga pa Thazima

1. Mau oyamba

Pali langizo limene omasulira ambiri amalitsata: polankhula ndi wamkulu, chotsani "iwe" muikepo "inu". Nkhani ino ikutsutsa langizoli. Silonama, koma ndi loperewera, ndipo womasulira wolidalira amatha kupereka uthenga wonyoza kapena uthenga wosamveka. Tiona zimenezi pa Thazima m'boma la Rumphi, pamene pali chipata chachikulu cholowera ku nkhalango yotetezedwa ya Nyika.

Malowa tawasankha pa zifukwa ziwiri. Choyamba, pamakumana zilankhulo zitatu. Makalata a boma amalembedwa m'Chingerezi, ogwira ntchito ochokera m'zigawo zina amalankhula Chichewa, pamene midzi yozungulira imalankhula Chitumbuka, chimene chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968 n'kubwerera pa wailesi mu 1994. Chachiwiri, nkhani zokambidwa pamenepa n'zolemera. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo poikuza mu 1978 midzi ina inasamutsidwa. Choncho uthenga wochokera ku ofesi kupita kwa mfumu sufika pa khutu lopanda chikumbukiro.

2. Kumene ulemu umakhala

Chingerezi cha lero chili ndi mlowam'malo mmodzi yekha wa munthu wolankhula naye, kaya ndi mwana, mfumu kapena khamu. Womasulira sangathawe kusankha, pakuti m'Chichewa ulemu umalowa m'chiganizo chonse. Umaoneka pa dzina, pa mgwirizanitsi ndi pa mathero a mneni:

(1a) Mfumu yabwera.
(1b) Amfumu abwera.
(1c) Mafumu abwera.

Mu (1b) munthu ndi mmodzi, koma mneni wake ndi wofanana ndi wa (1c). Ulemu wabwereka maonekedwe a unyinji, ndipo apa ndi pamene pagona vuto limene tilione kutsogoloku.

Chitumbuka chimayenda njira yomweyo: "iwe" ndi "imwe", "zanga" kwa mwana ndi "zaninge" kwa wamkulu. Koma kufananaku kuli ndi mbuna. Mchewa amati "ndikukuuzani", pamene Mtumbuka amati "nkhumuphalirani". Ku khutu la Mchewa, "-mu-" ameneyu akumveka ngati wa munthu wachitatu wosapatsidwa ulemu, monga mu "ndikumuuza". Wophunzira Chitumbuka akamuzemba n'kunena "nkhukuphalira", wagwera mu "iwe" osadziwa.

3. Chitsanzo: uthenga wopita kwa mfumu

Tiyerekeze kuti mkulu wa pa ofesi walemba m'Chingerezi chiganizo cholamula mfumu kuti ifike Lolemba pamodzi ndi mnyamata amene anatchera misampha. Langizo lija litipatsa izi:

(2a) Ubwere ku ofesi Lolemba ndi mnyamata wa misampha uja.
(2b) Mubwere ku ofesi Lolemba ndi mnyamata wa misampha uja.

Palibe angatumize (2a). Koma (2b) nachonso chili ndi zilema ziwiri. Choyamba, likadali lamulo: mfumu yaitanidwa ngati wopalamula, popanda kutchulidwa udindo wake ndiponso popanda kuuzidwa amene watuma mthenga. Chachiwiri, "mubwere" sakunena kuti abwere angati. Mfumu siyenda yokha ku mlandu, kotero ikhoza kumva kuti yaitanidwa pamodzi ndi nduna zake, pamene wolembayo amafuna anthu awiri.

Womasulira woopa mwano amathawira mbali ina:

(2c) Amfumu, abwana amati mwina mukapeza mpata mukawaone cha Lolemba.

Apa ulemu wakwana koma uthenga wafa. "Mwina", "mukapeza mpata" ndi "cha Lolemba" zapatsa mfumu ufulu wokana, umene kalata ija sinapereke. Mfumu ikapanda kufika, ofesi idzati yachita mwano, chonsecho cholakwa n'cha womasulira. Njira imene tikuiona yoyenera ndi iyi:

(2d) Amfumu, andituma abwana. Akuti nkhani ya misampha ikambidwa ku ofesi Lolemba, ndipo siingakambidwe popanda inuyo ndi mnyamata uja. Akuyembekezera anthu awiri okhawo.

Mu (2d) mwachitika zinthu zitatu. Mfumu yatchulidwa ndi udindo wake. Mau akuti "andituma" ndi "akuti" achotsa lamulo pakamwa pa mthenga, amene kawirikawiri ndi wamng'ono kwa mfumuyo. Ndipo kukakamiza kwachoka pa munthu n'kupita pa nkhani: tsiku silisuntha, koma chimene chikufuna mfumu ndi mlandu, osati bwana. Chiganizo chomaliza chatseka mpata umene "inu" amasiya pa chiwerengero.

Ena amakonda ulemu wopitirira, wolankhula ndi munthu ngati palibe, monga "Kodi amfumu amva?" Umenewu ndi wabwino pakati pa anthu awiri, koma mu uthenga wotumidwa ndi woopsa. Mu "akuti abwere akawaone", wotuma ndi wotumiridwa onse avala "a-", ndipo sitidziwa amene ayende ulendo. Pamene akuluakulu awiri ali m'chiganizo chimodzi, maina a maudindo awo abwerezedwe.

4. Yankho lopita kwa bwana

Mu 1960 Roger Brown ndi Albert Gilman anaonetsa kuti m'zilankhulo za ku Ulaya wamphamvu ankapereka mlowam'malo wa wamng'ono n'kulandira wa ulemu. Maganizo amenewa amayenda bwino pamene makwerero ndi amodzi. Pa Thazima makwerero ndi angapo: a msinkhu, a ufumu umene mutu wake ndi Themba la Mathemba Chikulamayembe ku Bolero, ndiponso a ntchito ya boma. Bwana wa zaka 35 ndi mfumu ya zaka 70 aliyense ndi wamkulu pa makwerero ake, ndipo onse awiri ayenera "inu".

Vuto limabuka yankho likamabwerera m'Chingerezi. Mfumu ikhoza kunena kuti:

(3) Tapulika, bwana. (Tamva, bwana.)

"Ta-" pano angakhale mfumu yokha kapena mudzi wonse. "Bwana" akulemekeza mpando, sakugonjera. Ndipo "kupulika" ndi kulandira mau, osati kuvomera. Womasulira akalemba kuti anthu a m'mudzi avomera, waika m'kaundula pangano limene silinachitike. Chimodzimodzi gogo akati "mwana wanga" kwa bwana wachinyamata: m'Chingerezi mauwa amamveka ochepsa, pamene mwini wake amatanthauza kumulandira. Apa womasulira ayenera kufotokoza ntchito ya mauwo, osati kungowasamutsa.

5. Zotsatira kwa okonza ndondomeko ya zilankhulo

Kuyambira nthawi ya bungwe loona za Chichewa la 1972, mphamvu zambiri zinapita ku malamulo a kalembedwe ndi ku mtanthauziramau. Zimenezi zimatiuza mmene tilembere "a-" waulemu, koma sizitiuza nthawi imene iye amabisa chiwerengero. Tikupempha kuti ophunzitsa omasulira aziyesa uthenga motere: upatsidwe kwa munthu amene sanaone kalata yoyambirira, ndipo ayankhe mafunso anai. Watuma ndani? Apite ndani, angati? Liti? Kodi angathe kukana? Pambuyo pake afunsidwe ngati angathe kunena mauwo pamaso pa mfumu ya kwao. Chiganizo (2b) chimalephera funso lachiwiri ndi lomalizali, (2c) chimalephera lachitatu ndi lachinai, ndipo (2d) chokha ndicho chimapambana onse.