Wojambula Achoke M'galasi, Koma Galasi Litsale

Eni masitolo a kwa Mlolo, kuyambira pa Fatima mpaka ku Makhanga, masiku ano amafuna chithunzi cha sitolo yawo choti aike pa WhatsApp kapena pa kalendala. Achinyamata ojambula alipo, ndipo ena ali ndi diso labwino. Chimene chimandinyansa ndi mmene amachotsera chithunzithunzi chawo pa galasi la zenera. Munthu amatsegula Snapseed, n'kugwira Healing, n'kupaka chala pamene panali mutu wake. Mutu umachokadi, koma pamalopo pamatsala chibanga cha phalaphala, nsalu ya pa shelefu itasungunuka, chilembo chimodzi cha dzina la sitolo chitadyeka. Anzake n'kumuombera m'manja chifukwa choti iye sakuonekanso. Kodi muyeso wa luso ndi umenewo?

Cholakwika chimayambira pa kusamvetsa galasi. Chithunzithunzi sichiphimba katundu wa m'sitolo ayi, chimaonjezera kuwala pamwamba pake. Galasi wamba, ukaliyang'ana chamaso, limabweza magawo pafupifupi 8 pa 100 alionse a kuwala. N'zochepa, koma dzuwa la kuchigwa kuno likamenya msewu wafumbi, pamene m'sitolo muli mdima, zochepazo zimaposa zonse za m'kati. Tsono wojambula akaima pa khonde, mumthunzi, thupi lake limatchinga msewu wowalawo. Pa galasi amaoneka ngati bowo lakuda looneka ngati munthu, ndipo m'bowomo ndi mmene katundu amaonekera bwino kuposa pena paliponse. Kuchotsa munthuyo ndiye kuti ukubwezeretsa zinthu ziwiri pamodzi: katundu wa kuseri kwa galasi, ndi msewu umene thupi linatchinga. Clone Stamp imangokopera madontho a pambali, siingadziwe zinthu ziwirizi. Fyuluta ya polaraiza nayo, imene ena amaitama, imagwira bwino ukaima chammbali, pa madigiri pafupifupi 56. Chithunzithunzi chako chimakhala pamene wayang'anizana ndi galasi, pomwe fyulutayo ilibe mphamvu.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya zithunzi ziwiri, maleya awiri ndi masiki imodzi. Si yachilendo: Photoshop inabweretsa maleya mu 1994, ndipo GIMP, imene ili yaulere, imachita zomwezo.

Titenge sitolo ya nsalu ndi mafoni pa Fatima, zenera lake lili ndi zitsulo zoteteza mbava ndi dzina lolembedwa ndi penti pa galasi. Muime mamita 3 kuchokera pazenera. Kamera muiike pa choimikira cha miyendo itatu, ndipo musunthe pang'onopang'ono mpaka chithunzithunzi cha kamerayo chigwere pa chitsulo chapakati pa zenera kapena pa felemu. Izi n'zofunika chifukwa inu musuntha koma kamera sisuntha, choncho idzaoneka m'zithunzi zonse ziwiri. Mutseke kuwala ndi fokasi kuti zisasinthe. Pa foni nthawi zambiri mumangodina pa sikirini n'kugwirizira. Kenaka jambulani mutaima kumanzere kwa kamera, n'kujambulanso mutaima kumanja. Simufunika kupita kutali. Pa galasi munthu amatenga theka la kukula kwake, moti mapewa a masentimita 50 amadya masentimita 25 okha. Chachikulu n'choti malo awiri amene mwaonekera asakhudzane. Wina anena kuti, bwanji osangoika nthawi ya masekondi 10 n'kuchokapo? Ngati n'zotheka, chitani, ndiye kwabwino. Koma tsiku la msika, ana ali piringupiringu, akabaza akudutsa, ndani angasiye kamera yokha pamsewu?

Mu GIMP, tsegulani zonse ziwiri ndi File > Open as Layers. Chimene munaima kumanja chikhale pamwamba. Musanakhudze burashi, sinthani leya yapamwamba ikhale pa Difference. Ngati zithunzizo zagwirizana, zonse zida bii kupatula malo awiri amene munaima. Mukaona mizere yowala m'mbali mwa zitsulo ndi zilembo, kamera inagwedezeka. Sankhani Move, musunthe leyayo ndi mabatani a mivi mpaka mizereyo izime, n'kubwerera pa Normal. Tsopano Layer > Mask > Add Layer Mask, musankhe yoyera. Pa masiki, choyera chimaonetsa, chakuda chimabisa. Mukapaka chakuda pamene mukuonekera, leya yapansi imatulukira, ndipo pamenepo pali nsalu yeniyeni ndi msewu weniweni, zojambulidwa ndi kamera yomweyo pa mphindi yomweyo. Palibe dontho lopeka.

Apa ndiye pagona luso, ndipo ndi pamene ambiri amathamangira. Osatsata mzere wa thupi lanu ndi burashi. Diso la woonera limazindikira mutu ndi mapewa msanga kwambiri, ngakhale kusiyana kwa kuwala kukhale kochepetsetsa, ndipo masiki yooneka ngati munthu imasiya mzukwa wa munthu. Masiki ikule kuposa thupi, ndipo malire ake muwabise pa zinthu zimene zilipo kale: chitsulo cha zenera, felemu, m'mphepete mwa shelefu. Pa chitsulo gwiritsani burashi yolimba, chifukwa pamenepo chithunzi chimaduka kale chokha. Pa galasi lopanda kanthu, pamene mulibe pobisala, tengani burashi yaikulu yofewa, kuti leya ina ilowe mwa inzake pang'onopang'ono. Zitsulo zimene ojambula amazida zija ndi mwayi wanu: zimagawa zenera m'timabokosi, ndipo ndi bwino kusintha kabokosi konse kusiyana ndi theka lake. Mukapitirira, dinani X kuti utoto usanduke woyera, n'kubwezeretsa. N'chifukwa chake sindilola chofufutira: chimene chafufutidwa chapita, pamene masiki imakudikirani mpaka mawa.

Mukaganiza kuti mwatha, muyeseni. Pangani leya ya New from Visible, ndipo pa leya imeneyo kokani Curves mopyola muyeso kwa kanthawi kuti kusiyana kwa kuwala kukule. Chilichonse chobisala chimatumphuka. Kawirikawiri mupeza kamzere kopyapyala pafupi ndi pamene panali phewa: galasi lili ndi nkhope ziwiri, iliyonse imabweza chithunzithunzi chake, ndipo chachiwiri chimatuluka pang'ono kunja kwa choyamba. Yang'ananinso msewu wa m'galasi. Ngati njinga inadutsa pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri, mutha kutsala ndi gudumu lopanda mwini. Yang'ananinso pansi pa khonde, chifukwa mthunzi wanu weniweni umaiwalika.

Nanga wopanda choimikira? Angathe kujambula pamanja, n'kusuntha masentimita 40, n'kujambulanso, koma ntchito imakula. Katundu amene ali masentimita 30 kuseri kwa galasi amasuntha masentimita pafupifupi 4 poyerekeza ndi zilembo za pa galasi. Auto-Align Layers ya mu Photoshop singagwirizanitse zonse ziwiri nthawi imodzi: zilembo zikakhala bwino, mashelefu athyoka. Pamenepo gwirizanitsani mashelefu a m'kabokosi kamodziko, n'kubwezeretsa zilembo ndi burashi yaing'ono yoyera. Zimatheka, koma kuli bwino kumangirira foni pa chishalo cha njinga yoimikidwa.

Chomaliza chimene ndimakangana nacho ndi anzanga ndi dyera. Munthu akadziwa masiki amafuna kupukuta chithunzithunzi chonse, msewu, mtengo wa mango, thambo. Zenera limasanduka chibowo, sitolo n'kuoneka ngati yathyoledwa usiku. Kuwala kwa msewu pa galasi ndi kumene kumauza diso kuti pali galasi, ndiponso kuti sitoloyi ili pamalo pamene pamadutsa anthu. Ndipo zonsezi ndi za chithunzi cha malonda. Cha nyuzipepala sichichotsedwa kanthu.

Inu eni masitolo, mnyamata akakubweretserani chithunzi, musangofufuza ngati iye wachokamo. Chikulitseni pa foni, muwerenge zilembo zonse za dzina la sitolo yanu, mutsate mzere wa shelefu kuchokera mbali ina kufika ina. Pakakhala pothyoka kapena posungunuka, abwerere akajambule kawiri musanamulipire.