Chuni Chikakwera Pomwe Mawu Akutsika

Aliyense wophunzitsa kwaya amadziwa kuwerenga maphatikizo. Chuni chikakhala ndi manoti 8, amafunafuna mzere wa maphatikizo 8, ukapezeka n'kuona ngati ntchito yatha. Komatu mzere ukhoza kukwana bwinobwino pa chiwerengero, oyimba n'kumatchula phatikizo lililonse momveka, koma womvera pa benchi n'kumva zina. Chichewa chili ndi kayimbidwe kakekake munthu asanayambe n'komwe kuyimba. Phatikizo lina limanenedwa ndi liwu lokwera, lina ndi liwu lotsika, ndipo kumapeto kwa chiganizo limodzi limakokedwa kuposa anzake. Wopeka nyimbo akaika chuni pamwamba pa mawu, ndiye kuti akusanjika nyimbo pa nyimbo inzake.

Zilembo sizithandiza pankhaniyi, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa pokwera kapena potsika. Mtengo womera kudimba ndi mtengo wa chimanga pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, ngakhale woyambawo amakwera pa -te- pomwe winawo amayenda chotsika mpaka kumapeto. Akatswiri a zinenero anaziona kalekale izi. Mark Hanna Watkins, yemwe anasindikiza galamala ya Chichewa mu 1937 mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, ankaika zizindikiro za kamvekedwe pa mawu. Mu 2017 Laura Downing ndi Al Mtenje anatulutsa buku lathunthu la katchulidwe ka Chichewa, ndipo gawo lalikulu la bukulo ndi la kukwera ndi kutsika komweku.

Chitsanzo cha mtengo n'chotchuka, koma m'nyimbo sichivuta kwenikweni. Mzere ukanena za mbalame yotera pa mtengo, palibe angaganize za msika, chuni chipotoze bwanji. Ngozi yeniyeni ili pa aneni. M'Chichewa nthawi zingapo za mneni zimasiyana pa kamvekedwe kokha, ndipo mawu oyandikana nawo nthawi zambiri sawulula kanthu. "Ndikapita" wokwera pa ndi- ndi lonjezo la ulendo, pomwe "ndikapita" wotsika yense ndi chiyambi chabe cha chiganizo chodikira mapeto ake. "Sabata yatha" yotsika pa ya- ikunena kuti sabata yafika kumapeto, yokwera pa ya- ikuloza sabata ya m'mbuyomu.

Nachi chitsanzo chongopeka. Wophunzitsa kwaya walemba mzere wothokoza Mulungu: "Inu mumandithandiza." Maphatikizo ndi 8: i-nu-mu-ma-ndi-tha-ndi-za. Chuni chomwe ali nacho m'mutu n'chokoma ndithu, chimayambira pansi, kukwera pang'onopang'ono, kenako n'kutsetsereka: do, do, re, mi, so, mi, re, do, noti yomalizayo yaitali. Akagawa maphatikizo, mu- akugwera pa re, -ma- pa mi, ndipo -ndi- woyamba akufika pa so, pamwamba penipeni pa mzerewo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mchewa akamanena zochitika masiku onse amakweza mu-, n'kutsika pofika pa -ndi- woyamba ndi -tha-, kenako n'kukweranso pang'ono pa -ndi- wachiwiri. Akamanena zomwe zimachitika posachedwapa koma zapita, mu- ndi -ma- amakhala pansi, liwu n'kudumphira pa -ndi- woyamba. Chuni cha wophunzitsa uja chatsata ndendende njira yachiwiriyi. Kwaya ikuganiza kuti ikuyamika thandizo losatha, pomwe khutu likumva ngati munthu wokumbutsa mnzake kuti paja umandithandiza, lero watani.

Kukonza kwake sikulira kutaya chuni chonse. Manoti akhale mi, mi, so, so, mi, re, mi, do, ndipo kukoka kuchoke pa noti yomaliza kupite pa yachisanu ndi chiwiri. Tsopano mu- wakwera kuchoka pa "inu", -ndi- woyamba watsika, ndipo -ndi- wachiwiri wakwera ndi sitepe imodzi yokha kuchoka pa re kupita pa mi. Kukwera kwachiwiriku sikufika pa so, ndipo n'koyenera kutero, pakuti m'kulankhula liwu limanka litsika chiganizo chikamapita, kotero kuti phatikizo lokwera la kumapeto limakhala m'munsi mwa lokwera la koyambirira. N'chifukwa chake nyimbo zambiri zakumudzi zimayambira pamwamba n'kumatsika mpaka mzere utatha.

Chitsanzochi chikuonetsa malire a lamulo. Chuni sichiyenera kulondola kalankhulidwe phazi ndi phazi, apo ayi nyimbo ingasanduke kulakatula. Pomwe mawu akukwera, chuni chikhoza kukwera kapena kuima pa noti yomweyo, tanthauzo osaonongeka. Chosayenera ndi kutsutsana, chuni kukwera pomwe mawu akutsika, makamaka pa maphatikizo awiri kapena atatu oyambirira a mneni, pomwe pamakhala nthawi yake. M'malo ena onse wopeka ali ndi ufulu wochuluka kuposa momwe ambiri amaganizira.

Vuto lachiwiri ndi la kukoka, ndipo ili ndi lomwe limamveka kwambiri m'matchalitchi. Kumapeto kwa chiganizo Chichewa chimatalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza. Timati chiko-o-ndi ndi mtende-e-re, osati mte-e-ndere, ndipo lomalizalo limangotha mofewa. Nyimbo zambiri zomwe amishoni anabwera nazo, kuyambira pomwe mishoni ya Livingstonia inakhazikitsidwa mu 1875, ya Blantyre mu 1876 ndi ya Mvera mu 1889, zinapekedwera zinenero zomwe mzere wake umathera pa phatikizo lamphamvu. Muyeso wofala kwambiri, wa 8.6.8.6, umayamba ndi noti yofooka, kutsatira yamphamvu, mpaka kuthera pa yamphamvu ndi yaitali. Otanthauzira nyimbo za m'mabuku monga Nyimbo za Mulungu anayenera kulowetsa Chichewa m'chikombole chimenechi, ndipo zotsatira zake ndi mipingo yokoka -ndi wa chikondi ndi -re wa mtendere, zomwe palibe amachita polankhula. Muyeso wa 8.7.8.7 woyamba ndi noti yamphamvu umakomera Chichewa pa mizere ya maphatikizo 8, chifukwa mphamvu imagwera pa lachisanu ndi chiwiri, koma mizere ya 7 imabwezanso vuto lomwe lija.

Kufupikitsa mawu kunachokeranso pomwepa. Mulungu anakhala Mlungu, monga zililinso m'nyimbo ya fuko yomwe Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964. Kwina kufupikitsako n'kwachibadwa, pakuti "mwana uyu" amakhala "mwanayu" ngakhale pocheza. Kwina kumadula kanthu kofunika. Ambuye akasanduka Mbuye, a- waulemu wapita. Mneni wokana akayambira pa noti yaifupi yofooka, "sadzabwera" ndi "adzabwera" zimangosiyana ndi kamphepo ka s, komwe ng'oma ndi gitala zimameza mosavuta.

Nanga chuni chikakhala chodziwika kale, choti mpingo sungalole kuchisintha? Pamenepo amasintha ndi mawu. Wophunzitsa uja akhoza kuthawa mneni wa nthawi ziwiri n'kulemba "Ndinu mthandizi wanga", omwenso ndi maphatikizo 8, pakuti m- wa mthandizi ndi phatikizo palokha monga m- wa mtengo. Tanthauzo tsopano silidalira kukwera kapena kutsika, koma pali mtengo wake: m- alibe lembo la liwu, choncho amangong'ung'udzidwa kukamwa kuli kotseka, ndipo sangasenze noti yaitali kapena yokwera. Njira ina ndi kuika "masiku onse" mu mzere wotsatira, kuti womvera yemwe wasokonezeka abwezedwe msanga.

Za noti yaitali yakumapeto, oyimba akumudzi anali ndi yankho kalekale. Amamaliza mzere ndi kamawu kopanda katundu monga ee, aye kapena de, kuti kukoka kugwere pamenepo mawu enieniwo atatchulidwa kale bwino. Mvekero umagwiranso ntchito yomweyo mokoma koposa, chifukwa zii, phee, mbee ndi bii amakokedwa mwachibadwa ndipo amawonjezera chithunzi. Timawu tomata kumapeto monga -tu ndi -di timasuntha kukoka ndi phatikizo limodzi: mu "bwera" kuli pa bwe-, mu "bweratu" kwasamukira pa -ra-. Wopeka wochenjera amagwiritsa ntchito timeneti noti yamphamvu ikaphonya ndi sitepe imodzi.

Ndime yachiwiri ndi yomwe imayesa luso. Chuni chikhoza kugwirizana ndi ndime yoyamba chifukwa zinabadwira limodzi, koma mawu atsopano amabwera ndi kukwera ndi kutsika kwawo. Nyimbo za pamtondo, za chimtali ndi za kudambwe zimazemba msampha umenewu ndi kamangidwe kake: ovomera amabwereza mawu omwewo pa chuni chomwecho, pomwe woyambitsa amapinda chuni chake pang'ono mawu akasintha. Nyimbo ya m'buku ilibe mpata wotero, chifukwa manoti anasindikizidwa kamodzi pa ndime zonse. Kuyimba kwa mawu anayi kumawonjezera vuto lina, pakuti m'kayimbidwe ka ku Ulaya besi kawirikawiri amatsika pomwe sopulano akukwera, ndiye mmodzi wa awiriwa amatsutsana ndi mawu. A. M. Jones, mmishoni yemwe anakhala zaka zambiri ku Mapanza m'dziko la Zambia, analemba zambiri za kusagwirizana kwa chuni cha ku Ulaya ndi zinenero za kamvekedwe kotere. M'makwaya a lero, njira yophweka ndi kusiya mneni wovutawo kwa sopulano yekha, enawo n'kulowa pa mawu otsatira.

Kuyesa ngati mzere wakhala bwino sikufuna sukulu ya nyimbo. Wopeka anene mzerewo mokweza kangapo monga akuuza munthu ali kutsidya kwa msewu, kenako aung'ung'udze wopanda mawu, n'kuyerekeza ndi chuni chake noti ndi noti, akuyang'anitsitsa chiyambi cha mneni aliyense ndi maphatikizo awiri omaliza. Akatero ayimbire munthu yemwe sanaone pepala, n'kumufunsa kuti zomwe zikunenedwazo zikuchitika liti. Womverayo akhale wa dera lomwe nyimboyo ikayimbidwe, chifukwa wa ku Kasungu, wa ku Zomba ndi wa ku Chipata sakweza maphatikizo onse mofanana, ndipo mzere womveka bwino kwa mmodzi ukhoza kumukhumudwitsa khutu mnzake.