Mawu a Tadala wa ku Makause

Olemba nkhani za kusukulu ambiri, akafuna kuti wofotokoza nkhani amveke ngati wachinyamata, amathamangira kukatola mawu amene ana akuyankhula chaka chimenecho n'kuwamwaza m'ndime iliyonse. Njirayi imakopa chifukwa ndi yachangu, koma mawu oterewa sakhalitsa. Nkhani ikamalembedwa, kukonzedwa, kudikira ndalama zosindikizira, papita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mwana wa Fomu 2 akaitsegula amamva nthawi yomweyo kuti akuyankhulayo ndi munthu wamkulu amene akudzikakamiza kukhala mnzake. Akatero sakhulupiriranso china chilichonse chimene nkhaniyo imuuze. Ine ndimakhulupirira kuti chimene chimamveketsa wachinyamata papepala ndi zinthu zimene maso ake amagwerapo, zimene sakuzimvetsa, ndi mmene amasinthira kayankhulidwe malinga ndi amene wamuimira kutsogolo. Mawu a m'fasho amabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo nthawi zina safunika n'komwe.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tiikhazike ku Makause, mudzi wa nyumba za malata umene uli ku Primrose, m'dera la Germiston, mu Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Mudziwu unamangidwa pamalo a migodi yakale ya golide, ndipo muli anthu a zilankhulo zambiri, a mu South Africa momwemo ndi ochokera kumayiko oyandikana nawo. Tipange mtsikana wa m'nkhani, timutche Tadala, wa zaka 15. Anabadwira ku Ntcheu, anapita ku Joni ndi amayi ake ali ndi zaka 6, ndipo tsopano ali Giredi 9, chaka chimene ana a kumeneko amasankha maphunziro amene adzapitirize nawo kuyambira Giredi 10 mpaka matiriki.

Mtsikana ameneyu ndi wovuta kumulemba kuposa mnzake wa ku Ndirande kapena ku Kawale, ndipo kuvuta kwakeko n'kumene kukutiphunzitsa. M'kalasi amaphunzira m'Chingerezi. Pabwalo, nthawi yopuma, amaseka ndi kukangana m'Chizulu chosakanikirana ndi Chisutu ndi chinenero cha m'misewu ya Joni. Chichewa amachiyankhula m'nyumba, ndi kutchalitchi Lamlungu, ndi pafoni ndi agogo. Ndiye Chichewa chake si cha anzake a msinkhu wake. Ndi cha amayi ake, chimene anachoka nacho ku Ntcheu zaka 9 zapitazo. Mlembi amene angamuike m'kamwa Chibrazi chatsopano cha anyamata a mu Lilongwe walakwitsa kawiri: mawuwo adzakalamba, komanso Tadala sakanawadziwa bwino n'kale. Ngati alipo amene anawamva pa vidiyo yotumizidwa ndi msuweni wake, angawagwiritse ntchito mokayika, mwina molakwika, ndipo kulakwitsa kumeneko kukhoza kulowa m'nkhani ngati chinthu chimene chimamuchititsa manyazi akamayankhula ndi a kumudzi.

Onani ndime iyi, yolembedwa m'njira yothamangira ija:

"Aise, tsiku limenelo zinali za mtundu wina. Ine ndi magaizi anga tinali bho heve, kenako tichala anabwera n'kutibowa ndi mafomu ake. Ine ndinangoti zanga phee, sindifuna zokhomana."

Mukachotsa mawu a m'fashowo n'kuika mawu wamba, chotsala n'chakuti aphunzitsi anabweretsa mafomu ndipo wofotokozayo anakhala chete. Simukudziwa ngati ndi mtsikana kapena mnyamata, ali ku Germiston kapena ku Zomba, akuopa kapena wangotopa. Kuyesa kumeneku ndikofunika kukuchita pa tsamba lililonse: vulani ndimeyo mawu ake a m'fasho, muone ngati mwana akadalimo.

Tsopano chochitika chomwecho, polola maso a Tadala kugwira ntchito:

"Memu anati fomu ibwere mawa, yosainidwa. Pamzere wachitatu pali timabokosi 13 ta nambala ya chiphaso cha kholo. Ndinatiwerenga kawiri. Nambala ya papasipoti ya amayi imayamba ndi zilembo ndipo siidzaza timabokosi tonse, ndiye ndinaganiza zoti mwina ndingoyambira pakati. Lerato anali atadzaza kale yake, pamtima, akutafuna cholembera changa. Ndinapinda fomuyo kanayi, ndinaiika m'buku la masamu chifukwa ndi lokhalo lili ndi pulasitiki, ndipo mvula ikagwa denga limadontha mbali ya chikwama."

Mulibe liwu la m'fasho ngakhale limodzi, komabe akuyankhulayo ndi mwana. Munthu wamkulu akanayamba ndi vuto la zikalata za anthu obwera. Tadala akuyamba ndi timabokosi, chifukwa ndi timene tili patsogolo pake, ndipo nzeru imene akupeza, yoyambira pakati, ndi ya munthu amene akuganiza kuti vutolo ndi la kalembedwe. Akudandaula za cholembera chake pa nthawi imene pali chodandaula chachikulu, ndipo umu ndi mmene ana alili: chaching'ono ndi chachikulu zimakhala pamzere umodzi, zolemera mofanana. Umphawi wa m'nyumba walowa kudzera pa buku la pulasitiki, osati pa chiganizo chonena kuti ndife osauka. Nambala ya chiphaso cha ku South Africa ilidi ndi manambala 13, ndipo mwana wa kumeneko akawerenga ndimeyi adzaizindikira fomuyo.

Mlembi ayenera kudziwa zambiri kuposa wofotokoza wake, ndipo apa pakufunika kudziletsa. Mlembi adziwe kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti ana opanda zikalata asakanizidwe malo m'sukulu za boma. Adziwe kuti mu Meyi 2008 chiwawa cholimbana ndi anthu obwera chinafika koopsa m'madera a kum'mawa kwa Johannesburg, kuphatikizapo mbali za Germiston. Koma Tadala anali asanabadwe mu 2008, ndipo za khoti la ku Makhanda sanazimvepo. Chimene akudziwa n'chakuti akakwera takisi, amayi ake amasiya kuyankhula, ndipo foni ikalira kuchokera kumudzi amaidula n'kunena kuti aimbanso akafika. Akudziwa kuti Chichewa ndi chinenero choyankhula chapansipansi. Akanena zimenezo zokha, mwina mokwiya chifukwa amafuna kumaliza nkhani imene anayamba, wowerenga wamkulu adzamva mbiri yonse ili kumbuyo kwake. Wofotokoza akayamba kutchula zaka ndi zigamulo, mwana uja wachoka ndipo pampando pake pakhala mlembi.

Chichewa chili ndi chida chimene sichikalamba, ndipo olemba athu sachigwiritsa ntchito mokwanira: kusiyana kwa iwe ndi inu. Wachinyamata ndi munthu amene tsiku lonse akuyeza kuti uyu ndimupatse ulemu wotani. Kwa amayi ake Tadala amati "mwabwera?" Kwa mlongo wake wamng'ono amati "iwe, tachoka apo." Nanga bambo amene wayamba kubwera kunyumba madzulo, amene amayi akufuna kuti azimutcha amalume? Pamaso pake Tadala amati "inu", koma m'nkhani imene akutiuza ife amati "anabwera, anakhala pampando wanga, anadya", ndipo dzina lake amalitchula lopanda "a" kutsogolo. Wowerenga Chichewa aliyense amva kupanduka kumeneko popanda kuuzidwa. Tsiku limene adzamutchule koyamba ndi "a" ali yekha m'maganizo mwake, nkhani yafika pokhota. Izi zinkamveka zaka 50 zapitazo ndipo zidzamvekabe.

Miyambi nayo imafuna kusamala. Mabuku a Chichewa amene tinawerenga kusukulu anatizoloweza kuti nkhani yabwino ikhale ndi miyambi, ndipo olemba ambiri amaiika m'kamwa mwa aliyense, ngakhale mwana. Mtsikana wa zaka 15 satsiriza ganizo lake ndi mwambi. Amaidziwa ndithu, makamaka Tadala amene Chichewa chake ndi cha amayi, koma amaidziwa ngati katundu wa eni ake. Anganene kuti amayi anayambanso za fisi zija, osamaliza n'komwe mwambiwo, chifukwa anaumva kambirimbiri ndipo akufuna kuti tifike pa zimene zinachitika.

Sindikunena kuti mawu a achinyamata aletsedwe. Pali ena amene anakhazikika kalekale, monga mfana, bho, madala, aise, amene makolo a ana a lero ankawayankhulanso ali anyamata. Amenewa angalowe apo ndi apo, makamaka m'zokambirana osati m'kufotokoza. Oopsa ndi amene abwera ndi nyimbo kapena vidiyo ya miyezi ingapo yapitayo. Chimodzimodzi mayina a zipangizo. Mxit inali pafoni za ana a sukulu ambiri ku South Africa, koma inatsekedwa mu 2016, ndipo nkhani imene inatsamira pa dzinalo lero imafuna kumasulira. Kudikira yankho la uthenga usiku, batire likutha, ndi kumene sikukalamba. Dzina la pulogalamu likhoza kusiyidwa.

Pali njira ina yabwino kuposa kutola mawu mumsewu, ndiyo kuwapanga. Anthony Burgess, m'buku lake la A Clockwork Orange la mu 1962, anapangira anyamata ake chinenero chawochawo chotengera kwambiri ku Chirasha, ndipo poti sichinali cha chaka chilichonse, palibe chaka chimene chinachisiya m'mbuyo. Nkhani ya kusukulu siyenera kufika pamenepo, koma ingatengepo nzeru yaing'ono. Gulu lililonse la anzake limakhala ndi mawu ake awiri kapena atatu obadwa pa chinthu chimene chinawachitikira. Tiyerekeze kuti tsiku lina mphepo ya mu Ogasiti inabweretsa fumbi la pamilu ya mchenga wa migodi m'mbale zawo za chakudya cha kusukulu, ndipo kuyambira pamenepo Tadala ndi Lerato chilichonse chowonongeka mwadzidzidzi amati "chathiridwa golide". Wowerenga analipo pamene mawuwo ankabadwa, ndiye ndi akenso, ndipo akadzabwera pa tsamba limene zinthu zavutadi, adzapweteka.

Chomaliza choti mlembi asankhe asanalembe chiganizo choyamba ndi nthawi imene wofotokozayo akuyankhulira. Tambu wa mu Nervous Conditions, buku la Tsitsi Dangarembga la mu 1988, akufotokoza ubwana wake ali wamkulu, choncho ali ndi ufulu womasulira ndi kuweruza. Azure wa mu Thirteen Cents, la K. Sello Duiker la mu 2000, akuyankhula ali mkati mwa zimene zikumuchitikira m'misewu ya Cape Town, ndipo sangaone patali. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma kuzisakaniza mosadziwa ndi kumene kumaononga nkhani zambiri: tsamba ili ndi mwana wa Giredi 9, tsamba lotsatira akuyankhula ngati mayi wa zaka 40 amene anaona kale mmene zinathera. Ngati Tadala akutiuza nkhaniyi sabata imodzi chichitikireni, sangadziwe ngati fomu ija inali yofunika pa moyo wake kapena ayi, ndipo mlembi asamupatse chiganizo chilichonse chosonyeza kuti akudziwa.